Mmene mungakhozere phunziro limene mayeso ake omaliza ali ndi malire akeake

M'mayunivesite ambiri muli maphunziro amene wophunzira sakhoza chifukwa chongofikitsa malikisi onse pa 50. Pamakhalanso lamulo lachiwiri lonena kuti pa mayeso omaliza okha, osawerengera maasayimenti ndi timayeso ta m'kati mwa semesita, munthu afike pa mlingo wakutiwakuti. Ku South Africa lamuloli ndi lofala kwambiri, ndipo mlingo wake umakonda kukhala maperesenti 40. Ku UNISA, yunivesite yophunzitsa anthu ali kwawo imene Amalawi, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe ambiri amaphunzirako, wophunzira akalephera kufika pa 40 pa mayeso omaliza, malikisi ake a m'kati mwa chaka sawerengedwa n'komwe, ndipo zimene wapeza pa mayesowo ndi zimene zimalembedwa kuti ndi zotsatira zake. Malangizo awa atsatira dongosolo la ku South Africa limenelo, koma masamu ake amagwira ntchito paliponse pamene pali lamulo lotere. Mlingo umenewu tiziutchula kuti malire a mayeso.

Choyamba: pezani lamulolo lolembedwa

Musadalire zimene mnzanu amene anachita phunzirolo chaka chatha akukuuzani, chifukwa kagawidwe ka malikisi kamasintha, ndipo maphunziro awiri a m'dipatimenti imodzi akhoza kukhala ndi malamulo osiyana. Tengani chikalata chofotokoza phunzirolo cha chaka chino. Ku UNISA chikalatachi ndi Tutorial Letter 101, ndipo chimapezeka pa tsamba la phunzirolo pa myUnisa. Ngati muli nacho pa kompyuta, fufuzani mawu akuti `subminimum`. M'zikalata za ku Australia fufuzani `hurdle`, ndipo za ku Britain yesani `qualifying mark`. Nthawi zambiri lamuloli limakhala chiganizo chimodzi chokha chobisika pansi pa tebulo la malikisi, n'chifukwa chake anthu ambiri amaliona koyamba zotsatira zitatuluka kale.

Mukalipeza, lembani papepala mayankho a mafunso anayi. Kodi malikisi a m'kati mwa chaka ndi a mayeso agawidwa bwanji? Kodi malirewo ali pa maperesenti angati? Ngati mayeso ali ndi mapepala awiri, kapena ali ndi gawo lolemba ndi gawo lochita ndi manja, kodi malirewo ndi a pepala lililonse palokha kapena a mapepala onse ataphatikizidwa? Nanga munthu amene walephera pa malirewo amaloledwa kulemba mayeso a sapulimentale?

Funso lachitatuli ndi limene limapweteketsa anthu kwambiri. Wophunzira amene wapeza 55 pa pepala loyamba ndi 33 pa lachiwiri ali ndi avereji ya 44, ndipo wadutsa malire ngati mapepalawo aphatikizidwa, koma walephera ngati pepala lililonse liyenera kufika pa 40 palokha. Ngati chikalatacho sichikunena momveka, lemberani mphunzitsi woyang'anira phunzirolo m'masabata oyambirira, mumufunse ndi manambala ngati amenewa, ndipo musunge yankho lake lolembedwa. Funso la manambala limabweretsa yankho lolunjika, pamene funso longoti "kodi lamuloli likutanthauza chiyani" limangobwezeretsa chiganizo chomwe chija.

Chachiwiri: werengetsani manambala awiri, mutenge yaikulu

Nambala yoyamba ndi malikisi amene mukufunika pa mayeso kuti zonse pamodzi zifike pa 50. Yachiwiri ndi malire aja. Cholinga chanu chenicheni ndi nambala imene ili yaikulu pa ziwirizi. Yoyambayo imapezeka motere, pamene E ndi malikisi ofunika pa mayeso, Y ndi malikisi anu a m'kati mwa chaka ndipo w ndi gawo limene malikisi a chakawo amatenga, lolembedwa ngati 0.4 pa magawo 40 pa 100:

```
E = (50 - w × Y) / (1 - w)
```

Tiyerekeze phunziro limene malikisi a chaka amatenga magawo 40 pa 100, mayeso amatenga 60, kukhoza kuli pa 50 ndipo malire a mayeso ali pa 40. Wophunzira woyamba wachita bwino m'maasayimenti ndipo ali ndi 78. Tikachulukitsa 78 ndi 0.4 tipeza 31.2, choncho kwatsala 18.8 kuti afike pa 50. Tikagawa 18.8 ndi 0.6 tipeza 31.3. Wophunzirayu akangoyang'ana avereji adzaganiza kuti 32 pa mayeso ndi yokwanira, ndipo mtima wake udzakhala m'malo. Tinene kuti walemba n'kupeza 36. Mayesowo amupatsa 21.6, zonse pamodzi zikukwana 52.8, koma walephera phunzirolo chifukwa 36 ndi yochepera 40. Ku UNISA pa zotsatira zake padzaoneka 36, osati 53, ndipo 78 uja wa ntchito ya miyezi yonse sadzaoneka paliponse.

Wophunzira wachiwiri ali ndi 52 pa malikisi a chaka. Iye wasunga 20.8 basi, kwatsala 29.2, ndipo kugawa ndi 0.6 kukupereka 48.7. Ayenera kupeza 49 pa mayeso. Kwa iyeyu malire a 40 alibe ntchito, chifukwa avereji ikumufuna zambiri kuposa malirewo. Apa m'pamene pali chinthu chimene ndikufuna kuti owerenga achigwire bwino: lamuloli siligwetsa ophunzira ofooka, popeza iwo amagwetsedwa kale ndi avereji. Limagwetsa amene achita bwino m'kati mwa chaka n'kufika pa mayeso ali otayirira.

Mungathenso kudziwa pamene penipeni malire amayambira kukulamulirani. M'phunziro la 40 ndi 60 lija, munthu amene wapeza 40 ndendende pa mayeso amatengako 24, choncho akufunika 26 kuchokera m'malikisi a chaka, kutanthauza kuti akhale ndi 65. Aliyense amene malikisi ake a chaka apitirira 65 cholinga chake sichitsikanso. Chimaima pa 40 ngakhale atapeza 95 m'maasayimenti. Ngati phunziro lagawidwa pakati, 50 ndi 50, nambalayi imatsika kufika pa 60, ndipo ophunzira ambiri amalowa m'gulu lolamulidwa ndi malire. Ngati malikisi a chaka amatenga magawo 20 okha, nambalayi imakwera kufika pa 90, ndipo lamuloli limakhudza anthu ochepa kwambiri. Choncho phunziro limene limapereka malikisi ochuluka pa maasayimenti, limene ambiri amaliona ngati losavuta, ndi lomwe lamuloli limaluma kwambiri.

Pomaliza pa masamuwa, sinthani maperesenti akhale malikisi enieni a pepala. Ngati pepala ndi la malikisi 70, malire a 40 ndi malikisi 28. Ngati ndi la 120, ndi 48. Musawerengere kuti 39.5 adzakwezedwa kufika pa 40, pokhapokha lamulo lolembedwa litanena choncho.

Chachitatu: yezani mphamvu zanu za pa mayeso, osati za pa asayimenti

Malikisi a chaka sanena zoona zonse za mmene mudzachitire pa mayeso. Asayimenti mumailemba mabuku ali chitsegulire, kwa masabata awiri kapena atatu, mukufunsa anzanu, ndipo nthawi zina ndi ntchito ya gulu imene munthu mmodzi wanzeru wanyamula onse. Imakhudzanso mitu yochepa, kawirikawiri ya koyambirira kwa phunziro, pamene mayeso amafunsa mitu yonse kuphatikizapo yomalizira imene sinayesedwepo. Ichi ndicho chifukwa chake mayunivesite anaika lamuloli: akufuna umboni woti munthuyo payekha, m'nthawi yoikika, akudziwa gawo lokwanira la phunzirolo. Ine ndimaona kuti lamuloli ndi lachilungamo, ngakhale kuti likanayenera kulengezedwa mokweza kuposa mmene zimachitikira.

Njira yodziwira pamene muli ndi imodzi. Kutatsala masabata asanu kapena asanu ndi limodzi kuti mayeso ayambe, tengani pepala la mayeso a chaka chapita limene simunaliwerengepo, mukhale pamalo opanda phokoso, mutchere wotchi pa nthawi yeniyeni ya mayesowo, ndipo mulembe ndi zinthu zokhazo zimene zidzaloledwe pa tsikulo. Nthawi ikatha siyani cholembera ngakhale muli pakati pa chiganizo. Kenako chongani mosadzikondera, ndipo ngati n'kotheka mupatse mnzanu wa m'kalasi achonge, chifukwa munthu podzichongera amapereka malikisi pa zimene amafuna kunena osati zimene walemba.

Tinene kuti wophunzira wathu wa 78 uja wapeza 41 pa pepala loyesererali. Asasangalale kuti wadutsa malire. Pepala lenileni lidzakhala ndi mafunso ena, mantha a tsikulo adzadya nthawi, ndipo wochonga sadzakhala wachifundo ngati mnzake. Munthu amene akupeza 41 poyeserera akhoza kupeza 34 kapena 48 pa tsiku lenileni. Langizo langa ndi lakuti muike cholinga chanu malikisi 10 mpaka 15 pamwamba pa malire, kutanthauza 50 mpaka 55 pamene malire ali pa 40, ndipo musakhutire mpaka mutafika pamenepo pa mapepala awiri osiyana.

Nambala yonseyo si yofunika kwambiri ngati kudziwa kumene malikisi 59 otayika aja apita. Agaweni m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la mafunso a mitu imene simukuidziwa. Lachiwiri ndi la mafunso amene simunawafikire chifukwa nthawi inatha. Lachitatu ndi la mafunso amene mutu wake mumaudziwa koma munayankha zimene sizinafunsidwe, kapena munalumpha masitepe a masamu amene amapatsidwa malikisi. Wophunzira wathu atha kupeza kuti 25 anatayika pa funso lonse la mutu womalizira umene sanauwerenge, 14 chifukwa cha nthawi, ndipo 20 pa kayankhidwe. Gulu lililonse lili ndi mankhwala ake. Loyamba limafuna kuwerenga, lachiwiri limafuna kulemba mapepala ambiri wotchi ikuyenda, ndipo lachitatu limafuna kuyerekeza mayankho anu ndi ndemanga zimene mphunzitsi anapereka pa maasayimenti. Kuwerenganso manotsi onse kuyambira tsamba loyamba, komwe ndi kumene ambiri amathamangira, kumangothandiza gulu loyamba lokha, ndipo nthawi yambiri imathera pa mitu imene mukuidziwa kale.

Chachinayi: sinthani kagawidwe ka nthawi

Mukadziwa kuti malikisi anu a chaka apitirira kale nambala ija ya 65, ola lililonse loonjezera pa asayimenti silikuthandizani kukhoza phunzirolo. Tiyerekeze kuti kwatsala asayimenti imodzi imene imatenga gawo limodzi mwa magawo anayi a malikisi a chaka. Kuilimbikira masiku ambiri kuti ichoke pa 65 ifike pa 85 kumakweza malikisi a chaka ndi 5, ndipo zotsatira zonse zimakwera ndi 2 basi. Pa malire a mayeso sipasintha kanthu. Masiku omwewo atathera pa mutu womalizira uja akhoza kubweretsa malikisi 12 kapena 15 pa funso limene likanasiyidwa lopanda kanthu, ndipo amenewo ndi amene amasiyanitsa 36 ndi 50.

Izi sizikutanthauza kuti musiye kupereka maasayimenti. M'mayunivesite ambiri a ku South Africa munthu saloledwa kulemba mayeso ngati sanapereke ntchito zofunika, kapena ngati malikisi ake a chaka sanafike pa mlingo woikika, ndipo ku UNISA chilolezo cholembera mayeso chimadalira kupereka asayimenti imene yatchulidwa m'chikalata cha phunzirolo pa nthawi yake. Perekani ntchito yabwino, ya pa nthawi, koma musaikometsere mpaka usiku wonse pamene pepala loyeserera likukuuzani kuti muli pa 41. Amene akufunafuna 75 kuti akhoze mwapamwamba ali ndi masamu ena, ndipo kwa iwo malikisi awiri aja ndi ofunika. Koma nawonso ayambe atsimikiza kuti malire adutsidwa.

Posankha mitu yoti muwerenge, ikani mapepala a zaka zitatu kapena zinayi pamodzi muone mitu imene imabwera nthawi zonse ndi malikisi ake. Chenjerani ndi chizolowezi cholosera mafunso n'kuwerenga theka la phunziro. Pa phunziro lopanda malire, kulosera kukalephereka malikisi a chaka amakupulumutsani. Pano palibe chokupulumutsani, choncho ndi bwino kudziwa maziko a mitu yonse kusiyana ndi kudziwa mitu iwiri mozama n'kusadziwa kanthu pa inayo.

Chachisanu: pa tsiku la mayeso

Tengani pepala la malikisi 100, la maola awiri, lokhala ndi mafunso anayi a malikisi 25 lililonse. Funso lililonse liyenera kutenga mphindi zosapitirira 30, ndipo ndi bwino kuliwerengera 27 kuti patsale nthawi yowerenga malangizo ndi kuunikanso. Wophunzira amene amadziwa bwino mitu iwiri amakopeka kuthera mphindi 50 pa funso lililonse mwa awiriwo. Akhoza kupeza 18 ndi 16, zomwe ndi 34, ndipo walephera. Akanasiya mafunso amenewo msanga n'kupeza 16 ndi 15, kenako n'kutola 6 ndi 7 pa mafunso awiri ovutawo, akanapeza 44. Malikisi oyambirira a funso lililonse ndi osavuta kupeza: tanthauzo la mawu, fomula yolondola, chojambula cholembedwa maina, sitepe yoyamba ya masamu. Malikisi omalizira a funso ndi amene amadya nthawi yambiri. Choncho yambani ndi funso limene mukulidziwa bwino, nthawi yake ikakwana lisiyeni ndi malo oti mudzabwerere, ndipo musatuluke muli ndi funso lopanda yankho lililonse. Pa mafunso osankha yankho, onani kaye ngati yankho lolakwika limachotsetsa malikisi musanayambe kungosankha mwachisawawa.

Ngati mayeso ndi a pa intaneti, monga zakhala zikuchitikira ku UNISA kuyambira mu 2020, kutumiza mayankho ndi mbali ya mayesowo. Konzekerani magetsi, bandulo ndi malo a netiweki yodalirika tsiku lisanafike, tsegulani fayilo muione ngati masamba onse akuwerengeka musanaitumize, ndipo sungani umboni woti yalandiridwa. Tsamba limodzi losajambulidwa bwino likhoza kukhala funso lonse la malikisi 25.

Nkhani ya matenda imafuna kuganiza bwino. Pa phunziro lopanda malire, munthu wa 78 akhoza kulemba akudwala malungo, n'kupeza 33, n'kukhozabe. Pa phunziro lino kulemba muli wofooka kukhoza kutayitsa chaka chonse. Mayunivesite ali ndi dongosolo loti wodwala kapena woferedwa apemphe kudzalemba nthawi ina, ndi kalata ya dokotala kapena umboni wina, m'masiku ochepa oikika. M'malo ambiri munthu akalowa n'kulemba amatengedwa kuti anavomera kuti ali bwino, ndipo kalata yobwera pambuyo silandiridwa. Werengani lamulo limeneli mayeso asanayandikire, kuti chisankho cha m'mawa wa tsikulo chisakhale chongoganizira.

Chachisanu ndi chimodzi: zotsatira zikabwera zoipa

Yambani mwadziwa chimene chakugwetsani. Werengetsaninso ndi malikisi anu a chaka. Ngati nambala imene yalembedwa ndi yotsika kuposa imene masamu akupereka, kapena ngati yapitirira 50 koma pambali palembedwa kuti mwalephera, ndiye kuti ndi malire. Kulemba kalata yodandaula kuti avereji yanu ndi 52.8 n'kutaya nthawi, chifukwa mphunzitsi alibe mphamvu zochotsa lamulo la yunivesite pa munthu mmodzi. Chimene chingasinthe ndi malikisi a mayesowo, ndipo njira zake ndi ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi kupempha kuti aonenso ngati mafunso onse anachongedwa ndiponso ngati malikisi anaphatikizidwa bwino. Yachiwiri ndi kupempha kuti pepala lichongedwenso lonse ndi munthu wina. Zonse zimalipiridwa, zili ndi tsiku lomaliza lapafupi, ndipo kuchongedwanso kumaloledwa kwa okhawo amene malikisi awo ali m'kati mwa mlingo woikika. Munthu wa 38 kapena 39 ali ndi chifukwa choyesera. Wa 30 asunge ndalama zake, pokhapokha ngati ali ndi chifukwa chenicheni choganizira kuti funso lonse silinachongedwe. Kumene kumaloledwa kuona pepala lanu lochongedwa, lioneni kaye musanalipire.

Za sapulimentale zimasiyana kwambiri, n'chifukwa chake funso lachinayi lija linayenera kuyankhidwa poyamba. Kumene mwayi umenewu umapita kwa okhawo amene apeza pakati pa 40 ndi 49, wophunzira wachiwiri uja akapeza 45 pa mayeso, zonse n'kukwana pafupifupi 48, amalembanso, pamene woyamba uja ndi 36 wake ayenera kulembetsanso phunzirolo ndi kulipiranso fizi. Ku Yunivesite ya Pretoria malikisi apamwamba amene munthu angapatsidwe pa sapulimentale ndi 50, ndipo malikisi a semesita sawerengedwa, kutanthauza kuti cholinga chimachoka pa 40 kufika pa 50 pa pepala lokhalo. Mukapatsidwa mwayiwu, fufuzani molemba ngati malikisi a chaka awerengedwe kapena ayi, muwerengetsenso nambala yanu, ndipo mubwerere ku magulu atatu aja pogwiritsa ntchito zimene zinachitika pa mayeso enieniwo.

Ngati muyenera kubwereza phunzirolo, onani msanga maphunziro a chaka chotsatira amene amafuna kuti mukhale mutakhoza limeneli, chifukwa iwo ndi amene amatalikitsa digiri. Funsani ku ofesi ya fakote ngati phunzirolo limaperekedwa m'masemesita onse awiri. Ngati mwalephera pa mayeso a Meyi ndi Juni ndipo likupezekanso pa a Okutobala ndi Novembala, mukhoza kulibwereza chaka chomwecho. Funsaninso ngati malikisi a chaka amasungidwa kapena maasayimenti onse ayenera kulembedwanso, ndipo ngati muli ndi amene amakulipirirani fizi, muwadziwitse ndi pepala la masamu anu lisanafike tsiku lotseka kulembetsa.